Chithupsa Safinya: Momwe Chimayambira ndi Zimene Tingachite Pakhomo

Nkhani ya lero ndi ya chithupsa. Ndikukhulupirira kuti pabwalo pano palibe munthu wamkulu amene sanadwalepo chithupsa kapena kusamalira mwana amene ali nacho. Chifukwa choti n'chozolowereka, ambiri sitichiwerengera ngati matenda, ndipo munthu akangotuluka chithupsa aliyense pamudzi amakhala ndi mankhwala ake. Wina amati finya, wina amati boola ndi minga, wina amati matapo phulusa, wina amati gula makapusozi awiri pa golosale. Ine ndabwera kudzanena kuti zithupsa zambiri zimatha zokha bwinobwino pakhomo, koma zambiri mwa zimene zimafika poipa zimafika pamenepo chifukwa cha manja athu omwe.

Tiyambe ndi pamene chimachokera. Yang'anani pa mkono panu. Paliponse pamene pali tsitsi kapena cheya, ngakhale kakang'ono kosaoneka bwino, pali kabowo kolowa m'khungu momwe tsitsilo lamera. M'mbali mwa kabowoko muli kathumba kotulutsa mafuta ofewetsa khungu. Chithupsa chimayambira m'kabowo kameneka. N'chifukwa chake simudzachiona pachikhatho kapena kuphazi kopondera, chifukwa kumeneko kulibe tsitsi. Chimakonda m'khwapa, m'mphechepeche, m'matako, kumbuyo kwa khosi ndi kumaso, malo amene pali tsitsi, thukuta ndiponso kukhulana kwa khungu ndi chovala.

Chimene chimalowa m'kabowoko ndi kachilombo ka mtundu wa bakiteriya kotchedwa sitafilokokasi. Dokotala wina wa ku Scotland, Alexander Ogston, ndi amene anakafotokoza bwino m'chaka cha 1880, atatenga mafinya a odwala ake n'kuwayang'ana ndi makina okuza tinthu ting'onoting'ono. Iye anaona tizilombo tobulungira titaunjikana m'magulumagulu pakati pa mafinyawo. Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti kachilombo kameneka sikachokera kutali. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amayenda nako m'mphuno mwake, ali bwinobwino, osadwala. Kamapezekanso m'khwapa ndi m'mphechepeche. Khungu likakhala lathunthu kamangokhala pamwamba osachita kanthu. Vuto limabwera khungu likang'ambika pang'ono: lezala lakucheka pometa ndevu kapena m'khwapa, wakanda pamene udzudzu waluma, mwana ali ndi mphere ndipo akukanda usiku wonse, lamba wa thalauza kapena kolala ya shati yakhula pamalo amodzi tsiku lonse kukutentha. Chala chimene chinali m'mphuno chimakakanda pamenepo, ndipo kachilombo kaja kapeza khomo.

Mumva anthu akunena kuti zithupsa ndi magazi oipa amene akufuna potulukira, kapena kuti munthu wadya mazira kapena mtedza wambiri. Ndikupempheni kuti ana musawamane mazira kapena mtedza chifukwa cha chithupsa. Chakudya sichisanduka mafinya. Zoona zake n'zakuti mwana wopereweredwa zakudya m'thupi ndiye amagwidwa zithupsa mosavuta, chifukwa thupi lake lilibe mphamvu zokwanira zodzitetezera.

Tsopano tione zimene zimachitika m'kati, chifukwa mukamvetsa zimenezi zonse zimene ndinene pambuyo pake zikhala zomveka zokha. Tizilombo tija tikalowa m'kabowo ka tsitsi timayamba kuswana ndi kutulutsa poizoni amene amapha minofu yozungulira. Thupi limazindikira msanga. Timitsempha ta magazi ta pamalopo timatseguka kwambiri kuti magazi ambiri afikepo, ndipo n'chifukwa chake pamatentha ndi kufiira. Kwa ife a khungu lakuda kufiirako sikuoneka bwino nthawi zonse. Nthawi zambiri pamangoderapo kuposa khungu lozungulira, pamanyezimira, ndipo mukagundapo ndi kunja kwa dzanja mumamva kuti pakutentha kuposa pena. Choncho musadikire kuona kufiira kwenikweni ngati kwa pa chithunzi cha m'buku.

Magazi aja amabweretsa asilikali a m'thupi, amene amatuluka m'mitsempha n'kuyamba kumeza tizilomboto. Ambiri a iwo amafera pomwepo. Mafinya amene mumawaona ndi asilikali akufawo, osakanikirana ndi tizilombo, tamoyo ndi takufa, komanso minofu yosungunuka. Pamene nkhondoyi ili m'kati, thupi limamanga kakhoma kolimba kuzungulira malowo. Zili ngati mmene timalambulira m'mbali mwa nkhalango ya m'mudzi nthawi ya chilimwe: moto ukabuka m'katimo uyake n'kuthera momwemo, usawolokere kwina. Chotupa cholimba chija chimene mumachimva masiku oyambirira ndi khoma limeneli pamodzi ndi minofu yotupa. Ululu wake umabwera chifukwa mafinya akuchuluka m'malo otsekeka, ndipo akukankha timitsempha tomvera ululu. Mtima ukagunda magazi amawonjezekera pamalo pothina kale, n'chifukwa chake chithupsa chimagunda kuti thi, thi, makamaka usiku mukagona.

Pakapita masiku, kawirikawiri anayi mpaka asanu ndi awiri, mafinya aja amapeza njira yofewa, ndipo njira yofewa kwambiri ndi yopita kunja. Khungu la pamwamba limapyapyala, pamaoneka kamutu koyera kapena kachikasu, ndipo timati chithupsa chapsa. Chikaphulika mafinya amatuluka, pambuyo pake pamatuluka kanthu kolimbirako kokhala ngati kachingwe, komwe ndi minofu yakufa ya pakati. Kameneka kakangochoka ululu umatha nthawi yomweyo ndipo bala limayamba kupola kuchokera pansi. Zithupsa zina zazing'ono siziphulika n'komwe, zimangophwa pang'onopang'ono.

Ndiye taganizani zimene zimachitika mukaika zala ziwiri mbali iyi ndi iyi n'kufinya chithupsa chosapsa. Pamwamba palibe khomo. Mphamvu ya zala zanu imakankhira mafinya mbali zonse, ndipo khoma lija limang'ambikira m'kati. Tizilombo timene tinali titatsekeredwa timamwazikira pansi pa khungu, ndipo mawa lake mwendo wonse kapena mkono wonse watupa ndi kutentha. Nthawi zina timalowa m'magazi n'kukafika ku mafupa, ku mapapo kapena ku mtima. Singano, minga, phini kapena lezala zimachitanso chimodzimodzi, kuwonjezera apo zimabweretsa tizilombo tina tatsopano. Phulusa, dothi, ndowe ndi zina zotapa pansi zikamatidwa pa bala lotseguka zingathe kulowetsa kafumbata, matenda oumitsa thupi aja amene amapha. Pali enanso amene amatenthetsa botolo n'kulivundikira pa chithupsa kuti likoke mafinya. Amenewo amangowonjezera bala la moto pa bala limene lilipo kale.

Pali malo amodzi amene ndikufuna muwasunge mumtima: kuyambira pakati pa maso, kutsika ndi mphuno, kufika m'mbali zonse ziwiri za pakamwa. Mitsempha ya magazi ya pamenepa imalumikizana ndi mitsempha ina ikuluikulu imene ili kuseri kwa maso, pansi pa ubongo. Chithupsa cha pamphuno, m'mphuno kapena pamlomo wam'mwamba chikafinyidwa, tizilombo tingathe kutsata njira imeneyi. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika diso limatupa, mutu umawawa koopsa, ndipo munthu akhoza kutaya moyo. Atsikana ndi anyamata amene mumakhalira kufinya zotuluka kumaso pa galasi, ndikunena ndi inu. Chithupsa cha malo amenewa si chapakhomo, n'chakuchipatala.

Nanga chapakhomo n'chotani? Tiyerekeze kuti ndi bambo wa zaka 30, wopalasa njinga ya kabaza, wathanzi lake, wosadwala shuga. Ndi mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, iye akukhala pa chishalo kuyambira m'mawa mpaka madzulo atavala kabudula wam'kati wothina. Lolemba madzulo posamba wamva kachotupa kolimba ngati nyemba m'kati mwa ntchafu, pamene chishalo chimakhula. Sakumva malungo, akudya bwino. Ichi n'chithupsa chimene angachisamalire yekha, ndipo mankhwala ake aakulu ndi madzi ofunda.

Atenge madzi awiritse, awasiye apole mpaka afike poti angathe kuviikamo chigongono osapsa. Atenge kansalu koyera kochapidwa bwino, kachidutswa ka chitenje chakale n'kokwanira, kamene kazikhala ka ntchito imeneyi yokha. Asambe m'manja ndi sopo, aviike kansaluko, akafinye pang'ono, akaike pa chithupsa. Kakazizira aviikenso. Achite zimenezi kwa mphindi 10 kapena 15, katatu kapena kanayi pa tsiku: m'mawa asananyamuke, masana akabwera kudzadya, madzulo, ndi pogona. Kuthowa kumeneku si kusisita kapena kukanikiza ayi, ndi kungogoneka nsalu yofunda pamalopo. Kutenthako kumatsegula timitsempha kuti magazi ndi asilikali ambiri afike, kumafewetsa khungu la pamwamba kuti mutu utuluke msanga, ndiponso kumachepetsa ululu. Akamaliza, kansalu kaja akachape ndi sopo m'madzi otentha, akayanike pa chingwe padzuwa, ndipo asambenso m'manja. Ngati mukuthowa mwana kapena munthu wokalamba, yesani madziwo pa khungu lanu kaye, chifukwa khungu lawo limapsa msanga.

Ululu ukamusowetsa tulo akhoza kumwa panado. Kwa munthu wamkulu ndi mapiritsi awiri a mamiligalamu 500, ndipo padutse maola 6 asanamwenso. Asapitirire mapiritsi 8 pa tsiku lathunthu, chifukwa panado wambiri amawononga chiwindi, makamaka kwa munthu womwa mowa. Mlingo wa mwana umatengera kulemera kwake, choncho umenewo funsani kwa alangizi a zaumoyo kapena kuchipatala. Chinthu chovuta kwa bambo wathuyu n'chakuti ayenera kupumitsa chishalo masiku angapo. Ndikudziwa kuti tsiku losapalasa ndi tsiku lopanda ndiwo, ndipo sindikunena izi mopepuka. Koma chithupsa chimene chikukhulidwa tsiku lonse chikufinyidwa ndithu, ngakhale zala sizinachikhudze. Ngati n'kosatheka kupuma, avale chovala chathonje chotayirira, aphimbe malowo ndi nsalu yoyera yopindidwa, ndipo achepetse maulendo aatali.

Pofika Lachitatu kapena Lachinayi chithupsa chija chakula, mwina ngati dzira la njiwa, ndipo chikuwawa kuposa poyamba. Apa ndi pamene ambiri amataya mtima n'kufuna singano. Kukula pang'ono ndi kuwonjezeka kwa ululu masiku amenewa n'kwachibadwa. Chofunika kuyang'ana ndi khungu lozungulira. Njira yosavuta ndi iyi: atenge cholembera ajambule mzere kuzungulira pamene kutupa ndi kutentha kwalekezera. Mawa akayang'ana, ngati kutupako kuli m'kati mwa mzere ndipo pakati payamba kufewa, zinthu zikuyenda bwino. Ngati kwadumpha mzere n'kumafalikira, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Tinene kuti Loweruka m'mawa, ali pakati pothowa, chithupsa chaphulika. Apa ntchito yasintha. Mafinya amene akutulukawo ndi odzaza ndi tizilombo tamoyo, ndipo paliponse pamene akhudza pakhoza kumera chithupsa china, pa iye kapena pa mkazi ndi ana ake. Awasiye atuluke okha, azingowapukuta ndi thonje kapena nsalu yoyera, kuchokera pa bala kupita kunja. Atsuke malowo ndi sopo ndi madzi owiritsa. Madzi amchere ndi abwinonso: supuni yaing'ono imodzi ya mchere, yosasefukira, mu theka la lita la madzi owiritsa. Kenako aphimbe ndi bandeji kapena nsalu yoyera yositidwa, ndipo azisintha ikangonyowa, kosachepera kawiri pa tsiku. Thonje ndi mabandeji ogwiritsidwa ntchito awotche kapena ataye m'chimbudzi chokumba, asasiye pamene ana ndi nkhuku afika. Apitirize kuthowa masiku awiri kapena atatu kufikira mafinya onse ndi kolimba ka pakati kaja atatuluka. Thaulo lake, sopo wake ndi zofunda zake zikhale zake yekha mpaka bala litauma. Zikayenda chonchi, pomatha sabata yachiwiri bala limakhala litatsekeka, patangotsala kachipsera kakuda kamene kamazimirira pang'onopang'ono.

Mwaona kuti pa ulendo wonsewu sindinatchule makapusozi. Ndachitira dala. Khoma limene limatsekera tizilombo m'kati limatchinganso mankhwala oyenda m'magazi kuti asalowe bwino pakati pa mafinya. Chithupsa chimachira chifukwa mafinya atuluka, ndipo chaching'ono mwa munthu wathanzi nthawi zambiri sichifuna mankhwala opha tizilombo. Kuwonjezera apo, makapusozi amene amagulitsidwa kwambiri m'misika ndi amokisilini, ndipo tizilombo ta sitafilokokasi tambiri masiku ano sitimva amokisilini kapena penisilini. Zimenezi zili ndi mbiri yake. Pamene Alexander Fleming anatulukira penisilini mu 1928, tizilombo timene anaona tikufa m'mbale yake yoyesera tinali ta mtundu womwewu. Koma mankhwalawo atangoyamba kugwiritsidwa ntchito kwambiri, tizilomboto tinayamba kupima. Anapanga mankhwala ena amphamvu, ndipo pofika 1961 ku Britain anapeza kale tina tosamva ngakhale atsopanowo. Nthawi iliyonse imene munthu wamwa makapusozi awiri n'kusiya, amapha tizilombo tofooka n'kusiya tolimba kuti tiswane. Kutsegula kapusozi n'kuthira ufa wake pa bala sikuthandizanso kanthu, kumangoumitsa pamwamba mafinya akadali m'kati. Ndipo musabwereke bakitilimu wa m'bale wanu amene amalandira kuchipatala pamodzi ndi mankhwala otalikitsa moyo. Ameneyo ndi wake, ali ndi ntchito yake. Ngati mankhwala akufunika, dokotala ndiye adzasankhe mtundu woyenera ndi masiku ake, ndipo mudzamwe onse mpaka kumaliza.

Tsopano tibwerere kwa bambo uja tisinthe nkhani pang'ono. Lachinayi usiku wayamba kunjenjemera, thupi latentha, mwanabere wa m'mphechepeche watupa kwambiri, ndipo kuchokera pa chithupsa pali mzere wowawa wokwera m'mwamba. Zikatere asanene kuti ndi malungo chabe n'kumwa mankhwala a malungo kunyumba. Izi zikusonyeza kuti tizilombo tabowola khoma. Anyamuke usiku womwewo kapena m'mamawa, ndipo akafika akawaonetse chithupsacho, ngakhale chili malo amanyazi. Ambiri amafotokoza za kutentha thupi kokha n'kubisa chithupsa, ndipo amabwerako ndi mankhwala osakhudza vuto lenileni.

Ngakhale popanda kutentha thupi, chithupsa chachikulu kuposa dzira la nkhuku, kapena kunena kuti masentimita 5 m'mimba mwake, n'chakuchipatala. Chimodzimodzi chimene chatha masabata awiri osaphulika kapena osapola, chimene chili pa msana penipeni, pafupi ndi kotulukira chimbudzi, kapena pa mfundo monga bondo moti munthu akulephera kupinda. Pali mtundu wina umene zithupsa zingapo zoyandikana zimalumikizana pansi pa khungu n'kukhala chimodzi chachikulu cha mitu yambiri. Chimakonda kumbuyo kwa khosi ndi kumsana, makamaka mwa abambo achikulire ndi odwala shuga. Chimenecho sichitha ndi madzi ofunda.

Palinso anthu amene sayenera kudikira n'komwe, chithupsa chikhale chaching'ono bwanji. Woyamba ndi khanda. Mwana wa masabata kapena miyezi yochepa akatuluka chotupa cha mafinya, kaya pamutu, pa mchombo kapena pa bere, mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa thupi lake silinadziwe kumanga khoma lija ndipo matenda amalowa m'magazi mofulumira. Ena ndi odwala shuga, amene ali ndi kachilombo ka Edzi makamaka ngati chitetezo chatsika, amene akulandira mankhwala a khansa, ndi ana onyentchera. Mayi woyamwitsa amene bere latupa, lalimba ndi kutentha apitenso msanga, ndipo asaleke kuyamwitsa kapena kukama mkaka pokhapokha achipatala atamuuza, chifukwa mkaka wodzadza m'bere umakulitsa vutolo.

Ndikudziwa kuti chimene chimaopsa ambiri ndi mpeni. Ndikuuzeni zimene zimachitika kuti mantha achepe. Ngati chithupsa chapsa, amatsuka khungu ndi mankhwala, kawirikawiri amabaya jekeseni wochititsa dzanzi, n'kucheka pang'ono pamene pafewa ndi kampeni kosagwiritsidwapo ntchito. Amatulutsa mafinya onse, amatsuka m'katimo, ndipo ngati dzenje ndi lalikulu amaikamo kansalu koyera kuti pakamwa pa bala pasatsekeke m'kati musanapole. Sasoka. Kusiyana kwake ndi kuboola kwa kunyumba n'kwakuti iwo amatsegula khomo lokwanira pamalo oyenera ndi zida zopanda tizilombo, ndipo amadziwa pamene padutsa mitsempha ikuluikulu, monga m'khwapa, m'khosi ndi m'mphechepeche. Akakuuzani tsiku lobwera kudzatsukitsa bala, bwerani, ngakhale ululu utatha.

Ndisanafike kumapeto ndinene za chinthu china chimene kwathu kuno chimasokonezedwa ndi chithupsa, makamaka nthawi ya dzinja. Pali ntchentche ina imene imaikira mazira pa mchenga wonyowa ndi mkodzo kapena pa zovala zoyanikidwa pansi ndi pamthunzi. Mazirawo akaswa, kamphutsi kakang'ono kamaboola khungu la munthu n'kumakulira momwemo. Ana amene amakhala pansi ndi makanda ovala matewera oyanikidwa pa udzu ndi amene amagwidwa kwambiri, kumsana, m'matako ndi m'ntchafu. Chotupa chake chimaoneka ngati chithupsa, koma mukayang'anitsitsa pakati pali kabowo kotseguka kotuluka timadzi, mkati mukuoneka kadontho kakuda, ndipo mwana amamva kanthu kakuyenda kapena kubaya. Kabowoko ndi kopumira mphutsiyo. Mukamatapo mafuta olimba odzola aja, ochindikala bwino, imasowa mpweya n'kuyamba kusuzumira kunja, ndipo imatha kuchotsedwa yathunthu. Ikadukira m'kati bala limachita mafinya, choncho ngati ikukanika, kapena zilipo zambiri, kapena zili pa khanda, pitani nazo kuchipatala. Kupewa kwake ndi kuyanika zovala pa chingwe padzuwa ndi kuzisita mbali zonse ziwiri, ngakhale ndi simbi yamakala, makamaka matewera ndi zovala zam'kati. Chotupa cha m'khosi chimene chakhala masabata ambiri, chosatentha ndiponso chosawawa kwenikweni, si chithupsanso ayi. Chimenecho chingathe kukhala chifuwa chachikulu chimene chagwira anabere, ndipo chimafuna kuyezedwa.

Chomaliza ndi cha anthu amene zithupsa sizikuwatha: ichi chapola, china chatuluka, mwezi ndi mwezi. Apa ndi pamene maganizo amathamangira kwa anthu, kuti alipo amene akundichita chipongwe, ndipo mabanja amadana. Ndikupemphani kuti musanaloze munthu chala, pitani mukayezetse zinthu ziwiri. Choyamba ndi shuga. Shuga akakwera m'magazi asilikali a m'thupi amagwira ntchito mofooka, ndipo kwa anthu ena zithupsa zobwerezabwereza ndizo zimayamba kuulula matendawa. Ngati mukumva ludzu kwambiri, mukukodza pafupipafupi usiku, kapena mukuwonda pamene mukudya bwino, musazengereze. Kuyeza kwake ndi kadontho kamodzi ka magazi a pachala. Chachiwiri ndi kachilombo ka Edzi, ndipo kuyezetsa kwake ndi kwaulere m'zipatala za boma. Amayi ndi atsikana amene mumadzola mafuta oyeretsa khungu, dziwani kuti ambiri mwa mafuta amenewa ali ndi mankhwala amene amapyapyalitsa khungu ndi kulifooketsa polimbana ndi tizilombo. Mukapita kuchipatala tengani botolo lake mukawaonetse.

Zoyeza zonse zikatuluka bwino, nthawi zambiri gwero limakhala m'nyumba momwemo. Wina m'banjamo, mwina wodwalayo mwina wina amene sadwala n'komwe, akusunga tizilombo tija m'mphuno, ndipo tikuzungulira kudzera pa thaulo limodzi, chinkhupule chimodzi, lezala limodzi ndi chofunda chimodzi. Zikatere banja lonse lichitire pamodzi sabata imodzi. Zofunda, mathaulo ndi zovala zam'kati zichapidwe m'madzi otentha, ziyanikidwe padzuwa ndi kusitidwa. Aliyense akhale ndi chosambira chake ndi chopukutira chake, ngakhale chikhale chidutswa cha chitenje. Zikhadabo za ana ziwengedwe, ndipo ngati pali mphere onse alandire mankhwala nthawi imodzi. Amene zithupsa zimamutuluka m'khwapa kapena m'ndevu ayambe wasiya kumeta ndi lezala, azingodula ndi sizasi mpaka khungu litachira, ndipo kometera tsitsi muzionetsetsa kuti makina apukutidwa ndi sipiriti asanafike pamutu panu. Ngati zikupitirirabe, kuchipatala angathe kupereka mankhwala opaka m'mphuno ndi ena osambira kwa masiku angapo, ndipo amenewa amagwira bwino ntchito onse a m'nyumbamo akawagwiritsa ntchito nthawi imodzi.

Amene muli ndi mafunso, kapena muli ndi chotupa chimene mukufuna tichione poduka mphepo, tikhalapo mpaka madzulo.